Mabuku anagwirizana, koma thumba linali litapita

Achemwali anga ali ndi sitolo ya chakudya cha nkhuku pa Lunzu, ndipo mabuku a sitoloyo ndimawasungira ndine. Sindikhala pa kauntala. Masana ndimagwira ntchito ina m'tauni, ndiye mbali yanga inali ya usiku: kutenga buku la zogulitsa, kutenga foni ya sitolo, n'kuona ngati ndalama zomwe zalembedwa kuti zalipiridwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba zalowadi. Kwa nthawi yaitali ndinkachita zomwe ambiri timachita. Ndinkawonkhetsa za m'buku, n'kuwonkhetsa za m'foni. Ziwirizo zikafanana, ndinkatseka buku n'kukagona mtima uli m'malo.

Lachiwiri lina zinafanana ndendende, popanda kusiyana ngakhale kwacha imodzi. Lachinayi m'mawa achemwali anandiimbira.

"Achimwene, kuno kwabwera mayi a ku Chileka aja. Akuti analipira thumba dzana, abwera kudzatenga. M'buku mulibe."

Mayiwo ndi kasitomala wakalekale, woweta nkhuku zamazira, munthu woti sanganame chifukwa cha thumba limodzi. Anaonetsa uthenga pa foni yawo: K62,000, Lachiwiri masana. Achemwali atafufuza m'foni ya sitolo anaupeza. Ndalama zinalowadi, koma popeza mayiwo sanabwere tsiku limenelo, palibe anazilemba. Tinawapatsa thumba lawo, ndipo tinawapepesa chifukwa chowaimika pakhomo ngati wopempha.

Nditaika foni pansi, funso linanditsalira. Ngati Lachiwiri panalowa K62,000 yomwe siinalembedwe, bwanji mabuku anagwirizana? Amayenera kusiyana ndi K62,000 yomweyo. Usiku umenewo ndinatsata mzere ndi mzere, ndipo ndinapeza thumba lina la K62,000 lolembedwa kuti lalipiridwa pa foni, pomwe ndalama zake sizinalowe. Wogula anaonetsa mnyamata wa pa kauntala uthenga weniweni, wa ndalama zenizeni, koma wa Loweruka lapitalo, wa thumba lomwe anali atatenga kale. Pa kauntala panali anthu ambiri, mnyamatayo anangoona dzina la sitolo ndi ndalama, tsiku sanaliyang'ane. Ndalama za mayi a ku Chileka zinatseka dzenjelo bwinobwino.

Pa sitolo ngati yathu zoterezi si zodabwitsa. Katundu amene amayenda kwambiri ndi wa mitundu itatu kapena inayi, ndipo mitengo yake ndi yomweyomweyo tsiku lonse. K62,000 imatha kuwoneka kakhumi pa tsiku. Zolakwa ziwiri zofanana kukula sizivuta kukumana n'kuphimbana. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira chiwerengero chowonkhetsa. Chomwe ndimafuna kudziwa tsopano n'chakuti lisiti iliyonse ili ndi malipiro akeake, ndiponso malipiro aliwonse ali ndi lisiti yakeyake. Kuchita zimenezi pamanja, malisiti 40 usiku uliwonse, maso atalema kale, sikukanapitirira mwezi. N'chifukwa chake ndinalemba kapulogalamu ka Python koti kazichita ntchitoyi m'mawa uliwonse.

Koma kusintha kwakukulu kunachitika pa kauntala, osati pa kompyuta. Uthenga uliwonse wa malipiro umakhala ndi nambala yakeyake, ija imalembedwa kuti `Transaction ID` kapena mawu ofanana nawo. Nambala imeneyo kampani ya foni siyiperekanso kwa malipiro ena. Ndalama zikhoza kufanana, foni yolipirira ikhoza kukhala yomweyo, ngakhale mphindi ikhoza kufanana, koma nambala iyi ayi. Tinawonjezera malo oilembapo m'pulogalamu yolembera zogulitsa, n'kugwirizana lamulo limodzi: nambalayo ikoperedwe kuchokera pa foni ya sitolo, osati pa foni ya wogula. Mnyamata uja anadandaula kuti mzere uchedwa. Anali ndi mfundo, chifukwa nambalazo n'zazitali ndipo zina zimasakaniza zilembo. Achemwali anamuyankha kuti, "Bola mzere uchedwe kusiyana n'kuti ndizikudula malipiro chifukwa cha thumba lomwe sunadye." Nkhani inathera pomwepo. Popanda nambala imeneyi zonse zomwe ndikufotokoza pansipa zikanakhala zongoyerekeza.

M'mawa uliwonse pamakhala mafayilo atatu a CSV, mtundu wa mafayilo osunga zolembedwa mzere ndi mzere ngati tebulo: zogulitsa za dzulo, ndi sitetimenti za akaunti ziwiri za bizinesi, za makampani awiri aja. Sitetimenti ndimazitsitsa m'mawa osati madzulo, kuti tsiku likhale litatha lonse, popeza anthu amalipira ngakhale usiku sitolo itatsekedwa. Ndimaziika m'foda imodzi, ndipo nthawi ikakwana 6:30 kompyuta imadzutsa pulogalamu yokha kudzera pa mzere uwu wa cron, kachida kodzutsa mapulogalamu pa nthawi yoikika:

```
30 6 * * * python3 /home/sitolo/fananitsa.py
```

Pulogalamuyo isanafananitse chilichonse, imayamba yafunsa ngati sitetimenti ili yathunthu. Masamu ake ndi a kupulayimale: ndalama zomwe zinali mu akaunti poyamba tsiku, kuphatikiza zonse zolowa, kuchotsa zonse zotuluka pamodzi ndi zomwe kampani yadula, zikuyenera kupereka ndalama zotsala pomaliza tsiku. Ndiponso zotsala za dzana zikuyenera kukhala zoyambira za dzulo. Zikapanda kutero, pulogalamu imaima, siipitirira. Gawo ili ndinaliwonjezera nditapsa nalo. Tsiku lina intaneti inaduka fayilo ili pakati potsitsidwa, mizere yomalizira inasowa, ndipo pulogalamu inanena kuti malisiti 9 alibe ndalama. Achemwali anali atayamba kale kumuyang'ana ndi diso lina mnyamata wosalakwa. Fayilo yoduka siioneka kuti ndi yoduka, imatseguka bwinobwino ngati ina iliyonse. Masamu a zotsala okha ndi amene amaigwira.

Kenako pamabwera ntchito yotopetsa koma yosadumphika, yoyeretsa zolembedwa kuti mbali ziwirizo zilankhule chinenero chimodzi. Nambala ya foni imodzimodziyo m'buku lathu imayamba ndi 0, pomwe kwina imayamba ndi 265 kapena +265. Ndimachotsa mipata ndi zizindikiro, n'kusunga manambala 9 omalizira okha. Nambala ya malipiro ndimaisandutsa zilembo zazikulu zokhazokha n'kuchotsa mipata yomwe chala chimasiya kumapeto. Ndalama ndimazisunga m'matambala, ngati nambala yathunthu, kotero K62,000 imakhala 6200000. Wina anganene kuti tambala inafa kalekale, ndipo pamsika n'zoona. Koma kompyuta ikamawonkhetsa manambala okhala ndi kadontho imalakwitsa pang'onopang'ono. Mukalemba `0.1 + 0.2` mu Python imayankha `0.30000000000000004`. Kanthu kochepa choncho n'kokwanira kuti ndalama ziwiri zofanana zioneke zosiyana, ndipo zodulidwa ndi kampani zimatha kukhala ndi matambala.

Chenjezo limodzi pano, kwa amene mumakonda kusuzumira m'fayilo musanaipereke ku pulogalamu. Mukatsegula CSV mu Excel n'kuisunganso, 0 wa kumayambiriro kwa nambala ya foni amachoka. Nambala yaitali yopanda zilembo imasanduka chinthu ngati `2.50314E+17`, ndipo popeza Excel imasunga manambala 15 okha, omalizirawo amatayika osabwereranso. Masiku nawonso amatha kutembenuzika, 03/04 n'kuwerengedwa ngati 4 Malichi pomwe inali 3 Epulo. Fayilo yoyambirira ndimaisiya momwe yabwerera. Ndikafuna kuiona ndimatsegula kope lake.

Zoyeretsedwazo zimalowa m'kankhokwe ka SQLite, komwe malipiro amasungidwa motere:

```sql
CREATE TABLE malipiro (
  kampani TEXT, nambala TEXT,
  tambala INTEGER, foni TEXT, nthawi TEXT,
  PRIMARY KEY (kampani, nambala)
);
```

Mzere womalizawo ukutanthauza kuti malipiro amodzi sangalowe kawiri. Ndikaika fayilo yomweyo kachiwiri, kapena sitetimenti ya lero ikabwereza mizere ya dzulo, nkhokweyo imakana yachiwiriyo. Ndinaphatikiza dzina la kampani ndi nambala chifukwa makampani awiriwo aliyense amapanga manambala ake payekha, ndipo palibe chondilonjeza kuti sangadzafanane.

Tsopano kufananitsa kwenikweni. Njira yabwino yokufotokozerani ndi kukuonetsani tsiku limodzi, Lachisanu lina, monga linatulukira.

M'buku munali malisiti 38 olembedwa kuti alipiridwa pa foni, onse pamodzi K1,712,000. M'masitetimenti awiri munali malipiro olowa 38, onse pamodzi K1,677,800. Kusiyana kunali K34,200. Kale ndikanatha usiku wonse kufunafuna lisiti ya K34,200, ndipo sindikanaipeza, chifukwa m'sitolomo mulibe katundu wa mtengo umenewo. Chiwerengero chimenecho chinali zotsalira za nkhani zingapo zosiyana zitaphwanyirana.

Ulendo woyamba pulogalamu imatenga lisiti iliyonse n'kufunafuna malipiro okhala ndi nambala yomweyo. Ndikunena lisiti, osati mzere wa katundu, chifukwa munthu wogula thumba ndi katemera amalipira kamodzi ngakhale m'buku muli mizere iwiri. Nambala ikapezeka, imaona ngati ndalama zikufanana. Tsiku limenelo malisiti 33 anagwirizana pa zonse ziwiri, okwana K1,410,000. Amenewo sindimawaona n'komwe, pulogalamu imawadinda n'kuwaika pambali. Anatsala malisiti asanu ndi malipiro asanu.

Ulendo wachiwiri ndi wa malisiti omwe nambala yawo siinapezeke kapena siinalembedwe. Apa pulogalamu imayesa zinthu zitatu pamodzi: ndalama zofanana, foni yofanana, ndi nthawi yosatalikirana kuposa mphindi 30. Lisiti imodzi ya K62,000 inapezeka motero. Mnyamata anali atalemba chilembo O pomwe panali 0. Ndalama, foni ndi nthawi zonse zinaloza malipiro amodzi okha, olowa mphindi ziwiri lisiti isanalembedwe. Pulogalamu inawalumikiza, koma inawaika chizindikiro choti nambala ikonzedwe m'buku.

Pa ulendo wachiwiriwu ndili ndi lamulo lomwe sindilifewetsa: ngati malipiro oyenerera ndi oposa amodzi, pulogalamu isasankhe. Poyamba ndinailola kutenga oyandikira kwambiri nthawi, ndipo mndandanda wa zotsalira unkafupika mosangalatsa. Koma taganizirani anthu awiri olipira K62,000 kudzera kwa ejenti mmodzi wa pafupi ndi sitolo, mphindi zisanu motalikirana. Foni yolipirira ndi imodzi, ndalama n'zofanana. Pulogalamu ikasankha molakwa, lero palibe chioneka. Vuto limadzatuluka mmodzi wa iwo akadzabweza katundu kapena akadzakana ngongole, ife n'kumuonetsa malipiro omwe si ake. Choipa kuposa apo, ngati lisiti imodzi ndi yabodza, kusankha mwachisawawa kumaipatsa ndalama za munthu wina, ndiye tabwerera ku nkhani ya mayi a ku Chileka, kungoti tsopano dzenje likutsekedwa ndi makina. Kulibwino ndipatsidwe mizere iwiri yoti ndiimbire foni kusiyana n'kupatsidwa yankho loyerekeza. Kumbukiraninso kuti foni yolipirira kawirikawiri si ya wogula. Mayi amalipira ndi foni ya bambo a kunyumba, mnyamata wa pa famu amalipira ndi ya abwana ake. Foni ikafanana ndi umboni wothandiza, ikasiyana si umboni wa chinyengo.

Ulendo wachiwiriwu unandivutitsa sabata yoyamba, chifukwa sunkapeza kanthu ngakhale pa malisiti omwe ine ndi maso anga ndinkaona kuti akugwirizana. Nditaika nthawi za mbali ziwirizo pafupi, ndinaona kuti zikusiyana ndi maola awiri nthawi zonse. Pulogalamu yathu yolembera zogulitsa imaonetsa nthawi ya kuno pa kauntala, koma m'fayilo imalemba nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi. Mukaona kusiyana komweko pa mzere uliwonse, mphindi 120 osasintha, musakayikire anthu, kayikirani wotchi.

Tibwerere ku Lachisanu lija. Anatsala malisiti anayi, ndipo apa ndi pomwe ntchito ya makina imathera, ya munthu n'kuyamba.

Lisiti ya matumba awiri, K124,000, inali ndi nambala yolondola, koma malipiro ake anali K100,000. Mbali inayo panali malipiro a K24,000 opanda lisiti, ochokera pa foni yomweyo, patapita mphindi 11. Wogulayo ndalama zinamuperewera m'foni, anapita kwa ejenti kukaikamo zina, n'kumalizitsa. Mnyamata anaona mauthenga onse awiri asanatulutse katundu, koma analemba nambala yoyamba yokha popeza malo olembapo anali amodzi. Pulogalamu imaonetsa zoterezi pafupi, ikaona kuti zoperewera za lisiti zikufanana ndi malipiro amasiye a foni yomweyo, koma kuvomereza ndimavomereza ndine. Pambuyo pake tinakonza kuti lisiti imodzi izilandira manambala angapo.

Lisiti ya K31,000 inalipiridwa K31,800. Wogula anawonjezera yotapira, monga tinazolowerera potumizirana ndalama pachibale, kuti wolandira asaluze akamakatapa kwa ejenti. Achemwali sapempha zimenezi, koma makasitomala ena amangowonjezera okha. Ndinaganizapo zouza pulogalamu kuti kusiyana kosapitirira K1,000 izingokukhululukira. Ndinasiya, chifukwa chikhululukirocho chikanagwiranso ntchito mbali inayo: munthu wolipira moperewera K900 pa thumba lililonse sakanaoneka mpaka kalekale. Zopitirira zimalembedwa pa dzina la kasitomala ngati ndalama zake zomwe tikumusungira, ndipo amazichotsera akadzagulanso. Zoperewera, ngakhale K100, zimatuluka pa mndandanda.

Lisiti yachitatu, ya K62,000, inalibe nambala, ndipo panalibe malipiro aliwonse oyandikira. Iyi ndiyo imaimitsa mtima. Ndinatumizira achemwali nthawi yake, 14:20. Anayankha mosachedwa: "Achimwene, dzulo m'kabati munapitirira K62,000. Ndimadabwa kuti yachokera kuti." Wogula analipira ndalama zapamanja, koma polemba anasankha malo a foni. Palibe chinatayika. Nkhaniyi inandiphunzitsa kuti lipoti la m'mawa lizionetsanso kusiyana kwa ndalama za m'kabati, chifukwa zosowa mbali imodzi nthawi zambiri zimakhala zitangokhala mbali inayo.

Yachinayi inali ya K23,000, ndipo nambala yake inali yeniyeni, yolembedwa bwino. Vuto linali lakuti malipiro a nambala imeneyo analowa Lachiwiri, ndipo anali atadindidwa kale pa lisiti ina. Funso lomwe limagwira zimenezi ndi lalifupi:

```sql
SELECT kampani, nambala, COUNT(DISTINCT lisiti)
FROM zogulitsa WHERE nambala <> ''
GROUP BY kampani, nambala
HAVING COUNT(DISTINCT lisiti) > 1;
```

Funsoli limayang'ana buku lonse, osati la dzulo lokha. Likanayang'ana tsiku limodzi, nambala ya Lachiwiri ikanangooneka ngati yosapezeka, ndipo ine ndikanaganiza kuti ndi kulakwitsa kolemba. Apa chinyengo chija chinabwereranso, ndipo chinadutsa chifukwa foni ya sitolo inali itathima batire, mnyamata n'kukopera nambala pa foni ya wogula. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno tinadziwa 7 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, nkhope ya wogula ikadali m'maso mwa mnyamatayo, ndipo lisiti ya Lachiwiri inali ndi foni yake. Achemwali anamuimbira mwaulemu, osamutchula wakuba. Anati mwina anasokoneza mauthenga, ndipo analipira masana omwewo. Kaya anasokonezadi kaya ayi, ife sitinafune kuweruza, ndalama zinabwera.

Mbali ya malipiro kunatsala amodzi: K50,000 yolowa 21:40 usiku, yopanda lisiti. Anali mlimi wina akubweza mbali ya ngongole ya mwezi wathawo. Si zogulitsa za tsikulo, choncho malo ake ndi m'buku la ngongole.

Pomaliza pulogalamu imadziyesa yokha. Zotsalira zonse zikawonkhetsedwa zikuyenera kubereka kusiyana kuja kwa poyamba. Malisiti awiri opanda ndalama za tsikulo, K62,000 ndi K23,000, akupanga K85,000 yosowa. Chotsanipo K800 yopitirira ndi K50,000 ya ngongole. Yatsala K34,200, yomwe ija. Masamuwa akapanda kutseka, ndiye kuti pulogalamu yataya mzere penapake kapena yauwerenga kawiri, ndipo lipoti limanena zimenezo pamwamba penipeni. Apa ndi pokhapo pomwe chiwerengero chowonkhetsa chili ndi ntchito kwa ine: kuyesa pulogalamu, osati kuyesa sitolo.

Pali chinthu china chomwe kufananitsa kwa tsiku limodzi sikungagwire, ndicho ndalama zobwezedwa. Malipiro akhoza kulowa Lolemba, kugwirizana ndi lisiti, kudindidwa, kenako n'kudzabwezedwa kwa wotumiza tsiku lina, kaya chifukwa wadandaula kuti anatumiza molakwika kaya ife eni tamubwezera. Pulogalamu yanga yoyamba inkawerenga mizere yolowa yokha, ndiye zotere zikanaidutsa. Tsopano mzere uliwonse wotuluka ukuyenera kukhala ndi gulu lake: zotumiza ku banki, zolipira ogulitsa katundu, zodulidwa ndi kampani, kapena zobwezedwa. Zobwezedwa zikapezeka, pulogalamu imafufuza malipiro oyambirira m'masiku a m'mbuyo, n'kuchotsa chidindo pa lisiti yake kuti ibwerere pa mndandanda. Mzere wotuluka wopanda gulu umatuluka pa lipoti ngati funso. Zodulidwa ndi kampani sindizichotsa pa ndalama za lisiti, zimakhala ndi mzere wakewake wa zowonongedwa, kuti K62,000 izifananitsidwa ndi K62,000.

Lipotilo ndi lalifupi, loti achemwali aliwerenge pa foni akutsegula zitseko. Limanena malisiti angati agwirizana, kenako zotsalira chimodzichimodzi, ndi nthawi, ndalama, ndi masiku omwe chakhala chisanathetsedwe. Chotsalira sichifufutika chifukwa tsiku lasintha. Chimabwera mawa, ndi mkuja, masiku ake akukwera, mpaka wina atalemba chifukwa chake ndi dzina lake. Pulogalamu siisintha kanthu m'buku la zogulitsa. Imangoloza, wokonza ndi munthu, kuti tikadzafuna kudziwa amene anasintha lisiti tidzamupeze.

Lipoti limabwera ngakhale zonse zitagwirizana, ndipo ichi ndinachiphunzira mowawa. Poyamba linkabwera pokhapokha pakakhala vuto. Sabata ina magetsi ankazima m'mamawa, kompyuta inkakhala yothima pa 6:30, ndipo cron siibwerera kukagwira ntchito yomwe nthawi yake yadutsa makina ali chithimire. Masiku anayi tinakhala chete, tikuyesa kuti zinthu zili bwino, pomwe palibe chinafananitsidwa. Tsopano pulogalamu imasunga tsiku lomaliza lomwe inamaliza, ndipo ikadzuka imayambira pamenepo, imadzukanso kompyuta ikangoyaka. Achemwali nawo akudziwa kuti 7 koloko ikakwana lipoti lisanafike, kusafikako ndi vuto loti andiimbire.

Ndisakunamizeni kuti njira iyi imaona zonse. Imafananitsa zolembedwa ndi zolembedwa. Thumba likatuluka popanda lisiti, wogula n'kulipira pa nambala ya munthu osati ya sitolo, mbali zonse ziwiri zimakhala zoyera, ndipo lipoti limanena kuti zonse zagwirizana. Chimenecho chimagwidwa ndi kuwerenga matumba m'nyumba yosungira katundu, komwe timachita Loweruka lililonse madzulo, ndiponso chikwangwani cha pa kauntala cholembedwa manambala a sitolo ndi dzina lomwe wogula akuyenera kuliona asanatsimikize kulipira.

Pa mndandanda wa lero pali mzere umodzi wokha wakale. Ndi K18,500 yomwe inalowa Lamulungu lina, sitolo ili yotseka, masiku 46 apitawo. Siikufanana ndi mtengo wa katundu aliyense, ngakhale ndi ngongole ya aliyense. Taimbira nambalayo kangapo, siikupezeka, ndipo uthenga womwe tinatumiza sunayankhidwe. Mnyamata anati tingoilemba ngati zogulitsa kuti mndandanda uyere. Achemwali anakana. Akuti mwina ndi mayi wina amene ankatumizira mwana wake kusukulu n'kuphonya nambala imodzi, ndipo tsiku lomwe adzatulukire ndalamazo adzazipeze zili zonse. Taziika pa akaunti ya ndalama zosadziwika mwini, ndipo mawa m'mawa mzerewo udzabweranso, utalembedwa masiku 47.